Momwe mungaphikire tchipisi pa mbaula ndi masupuni awiri okha a saladi

Kwathu kuno ku Chipata mwana sayenda mtunda wautali asanakumane ndi fungo la tchipisi. Ku Kapata, pafupi ndi masiteshoni a basi, pazipata za masukulu, paliponse pali chiwaya chodzaza mafuta. Ana anga atatu amachikonda kwambiri, atate awo nawonso chimodzimodzi, ndipo ine ndinaleka kalekale kuwaletsa. Chomwe chinkandidetsa nkhawa si mbatatesi ayi, koma mafuta. Tsiku lina ndinaima pambali pa chiwaya china kudikira tchipisi changa, ndipo ndinaona mafuta atada bii ngati khofi, akuchita thovu m'mphepete ndi kufuka utsi. Mafuta amene atenthedwa mobwerezabwereza kwa masiku angapo amaoneka choncho, ndipo amakhala atawonongeka. Pepala lomwe anandikulungiramo linafika kunyumba litanyowa lonse.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyesa kuphika tchipisi kunyumba ndi mafuta ochepa. Maulendo oyamba chinkatuluka cholobodoka, china chopserera kunja koma chachiwisi mkati, mpaka ndinazindikira pomwe pagona nkhani. Pachiwaya mafuta ambiri aja amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amapsetsa mbatatesi mkati, komanso amaiumitsa kunja. Inu mukachotsa mafutawo, ntchito yoyamba ipatseni madzi. Wiritsani kaye mbatatesi pang'ono, kenako muiumitse bwinobwino, ndipo mafuta otsala ndi ongopaka pamwamba kuti ifiirire.

Zomwe ndilemba apa ndi za banja la anthu asanu: kilogalamu imodzi ya mbatatesi, zomwe ndi mbatatesi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri za msinkhu wa chibakera cha mwana wa sukulu, masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira, amene kuno timawatcha saladi, ndi theka la kasupuni ka tiyi ka mchere. Supuni yaikulu imodzi ndi mamililita 15, choncho banja lonse lidya mamililita 30 okha. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa konkuno ndi abwino ndithu pa ntchitoyi.

Kusankha ndi kudula

Pamsika sankhani mbatatesi zolimba, zosaphukira. Zomwe zabiriwira khungu chifukwa chokhala padzuwa zisiyeni, pakuti pobiriwirapo pamakhala poizoni amene kuphika sikumuchotsa. Ngati pabiriwira pang'ono chabe, dulanipo mozama n'kutaya. Ine makoko sindisenda, ndimangotsuka bwino ndi kukhula dothi lonse, chifukwa khungulo limathandiza m'mimba ndipo likauma limakhukhutika bwino. Koma ngati ana anu akana makoko, sendani, palibe chalakwika.

Dulani zidutswa zonenepa ngati chala chanu cha mkombaphala, ndipo yesetsani kuti zifanane. Apa musathamangire kudula tating'ono ngati ta m'malesitilanti. Tidutswa topyapyala timamwa mafuta ambiri, ndipo mukatiwiritsa timathyokathyoka. Zikasiyana kukula, zazing'ono zimapserera zazikulu zisanapse.

Mukadula, ziviikeni m'madzi ozizira kwa mphindi 20 kapena 30. Muona madziwo achita mbuu. Umenewo ndi ufa wa mbatatesi womwe umamatitsa tchipisi kupoto. Tayani madziwo, tsukuluzaninso kamodzi.

Kuwiritsa ndi kuumitsa

Bwatitsani madzi mumphika waukulu, ndipo akawira ikanimo mbatatesi. Dikirani awirenso, ndiye muyambe kuwerenga mphindi zisanu. Ikakwana nthawiyo vuulani chidutswa chimodzi muchibaye ndi foloko. Foloko ilowe kunja mosavuta koma ikumane ndi kulimba pakati. Ngati chidutswacho chithyoka mukachinyamula, mwapitiriza, ndipo ulendo wina muchotsepo mphindi imodzi kapena ziwiri. Mbatatesi zimasiyana, zina zimafewa msanga, n'chifukwa chake foloko ndi yodalirika kuposa wotchi.

Tsanulani madzi onse, bwezerani chivundikiro, ndi kugwedeza mphikawo kawiri kapena katatu mosamala. M'mbali mwa zidutswazo muchita ngati mwakalika pang'ono, ndipo pokalikapo ndi pomwe padzaume n'kumalira mkamwa. Kenako yalani mbatatesizo palichero kapena pathireyi, zisasanjikizane, zikhale mphindi 10 kufikira nthunzi itatha ndipo pamwamba pake pachita mbee.

Pamenepa ndi pomwe ine ndinkalakwitsa. Ndinkachotsa m'madzi n'kuponya m'poto nthawi yomweyo chifukwa ana anali atayamba kale kuzungulira mbaula. Mbatatesi yonyowa siingafiirire. Madzi amaziziritsa poto, tchipisi chimaphikika ndi nthunzi, chimamatirira pansi, ndipo mukafuna kutembenuza chimasanduka phala. Mphindi 10 zimenezi musazidumphe ngakhale mutafulumira chotani.

Zikauma, ziikeni m'mbale yaikulu, thirani masupuni awiri a mafuta aja ndi kusakaniza ndi manja pang'onopang'ono mpaka chidutswa chilichonse chinyezimire. Mafuta musawathire m'poto. Mukatero zidutswa zoyamba zimamwa onse, zotsalazo n'kuuma gwa.

Pa mbaula

Gwiritsani ntchito poto wokhuthala pansi, wachitsulo cholemera ngati muli naye. Poto wopyapyala amatentha malo amodzi n'kupsereza. Malasha akhale atayaka onse, ayamba kuvala phulusa, osati akulilima. Ikani poto wopanda kanthu atenthe kaye. Mukadontheza kadontho ka madzi n'kulira tswee ndi kuuma pompo, wakonzeka.

Yalani mbatatesi mzere umodzi, pakati pake pazioneka mpata. Kilogalamu imodzi siingalowe kamodzi m'poto wapanyumba, ndiye igaweni kawiri kapena katatu. Mukayala, zisiyeni. Dzanja limayabwa kufuna kutakasa, koma pirirani mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Chidutswa chikafiirira pansi chimamasuka chokha. Ngati chikukanirira, sichinafike, chipatseni mphindi ina. Tembenuzani mbali ina, kenako inanso, mpaka mbali zonse zioneke ngati uchi. Gawo limodzi limatenga mphindi 15 kapena 20. Musavundikire, chifukwa chivundikiro chimabweza nthunzi. Gawo loyamba likapsa, liikeni m'mbale yosavundikira pambali pa mbaula kuti lisazizire.

Mtundu wake muuyang'anitsitse. Mbatatesi ikaderatu pamoto waukulu mumapangika mankhwala ena amene akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti tisamadye kawirikawiri, choncho cholinga ndi kufiirira pang'ono, osati kuda. Mukaona m'mbali mukuda mkati musanapse, moto wachuluka. Chotsani malasha ena kapena wazani phulusa pang'ono pamwamba pake. Ndipo popeza kuphikaku kumatenga nthawi, mbaula ikhale panja kapena pakhonde podutsa mphepo. Mpweya wa malasha m'nyumba yotseka umapha, ndipo sumveka fungo.

Amene muli ndi uvuni, tsiku lomwe magetsi alipo ntchito imachepa. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 220 thireyi ili momwemo, yalani mbatatesi pathireyi yotenthayo, ndi kuphika mphindi 30 kapena 35, kutembenuza kamodzi pakatikati.

Mchere uthireni pomaliza, tchipisi chikadali chotentha. Mukauthira poyamba umatulutsa madzi m'mbatatesi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muyeso umenewo ukuphatikiza wa m'ndiwo za masana ndi zamadzulo. N'chifukwa chake theka la kasupuni ndi lokwanira banja lonse. Kuti pakamwa pasamveke kuperewera, ndimafinyira ndimu ndi kuwaza tsabola wosinja kwa akuluakulu. Pambali ndimaika kabichi wodula mopyapyala, tomato ndi anyezi, zothira ndimu basi, ndi dzira lowiritsa kwa aliyense. Kabichiyo azitenga theka la mbale. Tchipisi, ngakhale chamafuta ochepa, ndi chakudya chokhutitsa ngati nsima, ndipo amene ali ndi matenda a shuga asadzaze mbale poganiza kuti ichi n'chopanda vuto.

Nyengo ya kandolo

Kandolo akachuluka pamsika, m'miyezi yozizira ija, amatsika mtengo kuposa mbatatesi. Funani wofiira mkati ngati karoti, chifukwa ameneyo amapatsa thupi vitamini A, wofunika pa maso ndi pa chitetezo cha ana, ndipo timafuta tochepa tija timathandiza thupi kumuyamwa. Njira ndi yomweyo, koma pali zosiyana ziwiri. Kandolo amafewa msanga, ndiye muwiritseni mphindi zitatu zokha. Alinso ndi shuga wambiri, motero amapserera msanga ndipo amafuna moto wocheperapo. Sauma ngati mbatatesi, koma mukamuwaza supuni imodzi ya ufa woyera wa chimanga musanapake mafuta, kunja kumalimba ndithu. Mwana wanga wamng'ono amakonda ameneyu kuposa tchipisi chenicheni.

Nanga vitumbuwa?

Apa ndinene zoona: chitumbuwa chozungulira chofufuma chija sichingatheke popanda kuchimiza m'mafuta. Zomwe ndimaphika ine ndi zaphanthiphanthi, koma m'mawa wa Loweruka zimatha zisanazizire. Ndimakanya nthochi ziwiri zakupsa kwambiri, zamadonthomadontho, n'kusakaniza ndi dzira limodzi ndi kapu imodzi ya mkaka. Kenako ndimathira makapu awiri a fulawa, timasupuni tiwiri ta tiyi ta bekingipauda ndi kamchere kotsina ndi zala. Shuga sindithira, nthochi zimakwanira. Ndimatakasa pang'ono chabe, ufa ukangosowa ndaleka, chifukwa kutakasa kwambiri kumalimbitsa vitumbuwa ngati mphira. Chosakanizacho chikhale cholimbirako kuposa phala, chogwa pasupuni mochedwa.

Ndimaviika kansalu koyera m'mafuta n'kupukutira poto, ndi kugwetsamo supuni imodziimodzi motalikirana pamoto wapakatikati. Pano pokha chivundikiro chimathandiza, chifukwa nthunzi imapsetsa mkati. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu pamwamba pamatuluka timabowo, ndipo ndiyo nthawi yotembenuza. Dulani chimodzi choyamba pakati. Ngati mkati mukumata pomwe kunja kwafiirira kale, chepetsani moto ndi kuphwatalitsa zotsatirazo ndi kumbuyo kwa supuni.

Masabata oyamba atate a ana anadandaula kuti tchipisi changa n'chouma, sichinona ngati cha pachiwaya, ndipo sananame. Ndinayamba ndi masupuni anayi, patapita milungu iwiri ndinatsitsa kufika atatu, kenako awiri, ndipo palibe anazindikira tsiku lomwe ndinasintha. Pansi pa masupuni awiri ndinayesako kamodzi, koma tchipisi chinamatirira m'poto n'kuuma ngati chikonga, choncho pa kilogalamu imodzi ndinaima pomwepo.