Momwe mungawerengere ngati msewu wa kumudzi ungabweze ndalama zake

Tiyerekeze kuti khonsolo ikufuna kuthira gelevulo pa msewu wafumbi wa makilomita 20, ndipo kontalakitala wanena K2 biliyoni. Yambani ndi kuwonjezerapo ndalama zokonzera msewuwo chaka ndi chaka, tinene K100 miliyoni, chifukwa gelevulo amakokoloka ndi mvula. Mtengo wa kontalakitala uzikhala wa posachedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yonse yakale inasanduka nthano.

Kenako werengani magalimoto, ndipo apa m'pamene ntchito imawonongekera. Anyamata omwe tinawalemba ganyu pa msewu wina anawerenga tsiku la msika lokha, nyengo yake ili yogulitsa fodya, masiku enawo n'kungodzaza mafomu ali pa sitolo. Tinawagwira chifukwa manambala a Lamlungu anali ofanana ndi a Lachitatu. Werengani sabata yathunthu, kamodzi m'chilimwe, kamodzi m'dzinja, ndipo malole, maminibasi ndi njinga zamoto zikhale m'mizere yosiyana. Muzikafikako mosawauza. Musawalipire zonse ntchito isanathe.

Tinene mwapeza magalimoto 200 patsiku, ndipo madalaivala ndi amakaniko akuuzani kuti msewu wabwino ungapulumutse K300 pa kilomita pa mafuta, matayala ndi masipuling'i. Chulukitsani 200 ndi 20, ndi 300, ndi masiku 365, mupeza K438 miliyoni pachaka. Mukachotsa zokonzera zija zitsala K338 miliyoni.

Pa zaka 10 zimenezi ndi K3.38 biliyoni, koma musafulumire kusangalala. Kwacha ya chaka chakhumi siyofanana ndi ya lero, popeza ndalamayo ikadagwira ntchito kwina. Ndiye phindu la m'tsogolo timalichepetsa, kawirikawiri ndi 10 kapena 12 peresenti pachaka. Mu Excel lembani:

```
=PV(0.12,10,-338)
```

Mupeza pafupifupi 1,910, kutanthauza K1.91 biliyoni, yosafika pa K2 biliyoni. Msewu walephera. Sinthani 0.12 kukhala 0.10, mupeza K2.08 biliyoni, msewu womwewo wakhoza. Mu lipoti lanu onetsani zonse ziwiri, chifukwa wobisa imodzi amakhala kuti yankho anali nalo kale.

Kukwera mtengo kwa malo a m'mbali mwa msewu musakuwonjezere pa phindu, ndi phindu lomwe lija la mayendedwe, mukhala mwaliwerenga kawiri.

Chomwe masamuwa saona ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga zakapalasa, omwe kumudzi ndiwo ambiri. Saonanso mayi woyembekezera amene ambulansi yalephera kumufikira mu Febuluwale. Komanso msewu woipitsitsa umakhala ndi magalimoto ochepa chifukwa cha kuipa komweko, motero umagonja kwa msewu wa pafupi ndi tauni. Pa msewu wotere lembani padera chiwerengero cha anthu, sukulu ndi zipatala zomwe umafikira, ndi miyezi yomwe umatsekeka, makhansala aziona zimenezo pambali pa K1.91 biliyoni ija.