Adirenalini ikafika pachiwindi: osaloweza mayina okha

Inu amene mukukonzekera mayeso a zaumoyo ku Tete kapena ku Ulongwe, tsatirani homoni imodzi mpaka kumapeto. Tengani adirenalini. Iyo silowa m'selo ya chiwindi, imangomatirira pa risepita yake kunja. Risepitayo imasintha kaumbidwe n'kudzutsa puloteni G, imene imataya GDP n'kutenga GTP. Chigawo chimodzi cha puloteni G chimapita kukayatsa enzaimu yosandutsa ATP kukhala cAMP, mthenga wachiwiri amene amapitiriza uthenga wa homoniyo m'kati mwa selo. Kenaka cAMP imadzutsa PKA, imene ndi kineze, kutanthauza enzaimu yodzutsa mapuloteni ena; PKA imadzutsa kineze ina, imeneyo ndiye imayatsa enzaimu yophwanya gilaikojeni, nkhokwe ya shuga ya m'chiwindi, shugayo n'kutulukira m'magazi. Enzaimu imodzi imagwira mamolekyu ambirimbiri, n'chifukwa chake homoni pang'ono chabe imakwanira.

Pamene ambiri amagwa pa mayeso ndi pa kazimitsidwe ka uthengawu. Puloteni G imadzizimitsa yokha posandutsa GTP kukhala GDP, pomwe enzaimu ya PDE imaphwanya cAMP yotsala.

Kolera, imene timaidziwa bwino nthawi ya dzinja m'mbali mwa Zambezi, imaononga pomwepo. Poizoni wake amalepheretsa puloteni G ya m'matumbo kuphwanya GTP, choncho cAMP imangochuluka, mchere ndi madzi n'kumatuluka m'maselo osaleka. Madzi a ORS amathandizabe chifukwa khomo lolowetsa sodiyamu pamodzi ndi shuga limakhala likugwirabe ntchito.