Funso la msonkho wa mayiko awiri: mmene ndinalithetsera

Funso la pamayeso linali lotere: mayi wina amakhala m'dziko A, koma ali ndi nyumba ya lendi m'dziko B yomwe imam'patsa 10,000 pachaka. Dziko B limadula 30 peresenti, dziko A 20 peresenti. Alipire zingati?

Ndinayamba ndapatula mafunso awiri omwe ambiri amawasakaniza. Kumene munthu amakhala kumapatsa dziko A mphamvu yodula msonkho pa ndalama zake zonse, kulikonse zachokera. Gwero la ndalama ndi nkhani ina. Lendi imachokera pomwe nyumbayo yamangidwa, osati kubanki komwe ndalamazo zafikira, choncho dziko B limadula poyamba: 3,000.

Msampha uli pa kuchotsera. Dziko A likufuna 2,000, ndipo limachotsera msonkho wolipidwa kunja, koma osapitirira msonkho wake pa ndalama zomwezo. Ndiye limachotsa 2,000 yokha. Mayiyo salipira kanthu ku A, koma 1,000 yotsalayo sabwezeredwa. Yankho ndi 3,000.

Mukaona kuti dziko A likubweza ndalama yomwe silinalandire, dziwani kuti mwaiwala malirewo.