Wodwala shuga akamasanza, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi: zoti amwe, zoti aimitse ndi nthawi yoyeza

Wodwala shuga akagwidwa ndi nthenda ina n'kulephera kudya, kawirikawiri amaganiza kuti popeza m'mimba mulibe kanthu, mankhwala onse ayambe aima. Maganizowa ndi olondola mbali imodzi yokha. Pali mapiritsi ofunikadi kuwaimitsa masiku amenewo, koma insulini sali m'gulu limenelo, ndipo kusiya kubaya n'kumene kumagonetsa anthu ambiri m'chipatala ali chikomokere.

Thupi likamalimbana ndi matenda limatulutsa mahomoni amene amachititsa chiwindi kukhuthulira m'magazi shuga amene chinasunga, ndipo mahomoni omwewo amafooketsa mphamvu ya insulini. N'chifukwa chake munthu amene sanalawe kanthu tsiku lonse amatha kuyeza n'kupeza 18 mmol/L. Shuga akakwera chonchi, impso zimamutulutsa mu mkodzo pamodzi ndi madzi ambiri, pamene madzi ena akutayika kale posanza, potsegula m'mimba ndi m'thukuta. Magazi amatsala ndi madzi ochepa ndipo shuga amakwererabe. Insulini ikachepa kwambiri, thupi limayamba kuphwanya mafuta kuti lipeze mphamvu, ndipo mafutawo amasiya m'magazi asidi wotchedwa makitoni. Kwa amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, zimenezi zimatha kufika poopsa m'maola owerengeka chabe.

Insulini yogwira ntchito nthawi yaitali, imene ambiri amabaya kamodzi kapena kawiri patsiku, ipitirire ngakhale simukudya. Mlingo wake ukhoza kusintha, koma usafike pa ziro. Insulini yofulumira yobaya pachakudya ndi imene imachepetsedwa kapena kudumphidwa ngati simukudya ndipo shuga sanakwere. Ngati mumabaya yosakaniza, ija yooneka ngati mkaka yokhala ndi mitundu yonse iwiri m'botolo limodzi, musaidumphe. Mwerani zotsekemera pang'onopang'ono kuti ipeze chogwirirapo ntchito, ndipo mufunse adokotala kuti muchepetse mayunitsi angati.

Mapiritsi ndi nkhani ina. Metifomini imachoka m'thupi kudzera mu impso, choncho thupi likauma impso n'kufooka, mankhwalawa amaunjikana ndipo amatha kuchulukitsa asidi m'magazi. Imitsani mukayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, kapenanso thupi likatentha kwambiri moti simukumwa mokwanira. Empagilifulozini, dapagilifulozini ndi ena a mtundu umenewo aimenso nthawi yomweyo. Amenewa ali ndi chinyengo chawo, chifukwa amatha kubweretsa makitoni pamene shuga akuoneka wabwinobwino pamakina. Gilibenikilamaidi ndi gilikilazaidi amakakamiza thupi kutulutsa insulini kaya mwadya kaya simunadye, ndiye ngati simukudya ndipo shuga sanakwere, musamwe. Ngati mukudyako ndipo shuga ndi wokwera, amatha kupitirira.

Amene anthu amaiwala ndi mankhwala omwe si a shuga n'komwe. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi monga enalapirilo, lisinopirilo ndi losatani, komanso okodzetsa monga fulosemaidi ndi haidulokolorothayazaidi, amateteza mtima ndi impso masiku amene muli bwino, koma thupi likauma amachepetsa magazi opita ku impso ndipo zimatha kuvulala mwadzidzidzi. Nawonso amaima kaye. Amene ali ndi vuto la kufooka kwa mtima asaimitse okodzetsa paokha, afunse kaye kuchipatala tsiku lomwelo. Za kutentha thupi ndi ululu, imwani parasetamo. Ayibupulofeni ndi dayikulofenaki asiyeni, chifukwa amapanikiza impso zomwezo.

Kumwa madzi kuli ndi luso lake, ndipo ambiri amalephera pano chifukwa cha ludzu. Munthu amagugudiza kapu yonse nthawi imodzi, m'mimba n'kubweza zonse, iye n'kunena kuti madzi akukana. Mukasanza, dikirani mphindi 10, kenako yambani ndi supuni imodzi kapena ziwiri pa mphindi zingapo zilizonse. Zikakhazikika, onjezerani mpaka muzimaliza pafupifupi kapu imodzi pa ola, imene ndi mamililita 200 mpaka 250. Munthu wamkulu asatsike pansi pa theka la kapu pa ola nthawi yonse imene ali maso. Okhawo amene adokotala anawaikira malire a madzi chifukwa cha impso kapena mtima ndi amene ayenera kufunsa mlingo wawo.

Chofunika kumwa amakuuzani ndi makina oyezera. Shuga akakhala pamwamba pa 14 mmol/L, amene ndi pafupifupi 250 mg/dL pamakina ena, imwani madzi wamba, tiyi wopanda shuga kapena msuzi wamadzimadzi wa mchere pang'ono. Akatsika pansi pa 10 ndipo simukudya, thupi likufunika shuga woti insulini igwirirepo ntchito, apo ayi mudzakomoka kapena makitoni adzabwera chifukwa cha njala. Apa mwerani madzi a zipatso kapena tiyi wothira shuga, kuti pa maola atatu kapena anayi aliwonse mulowe pafupifupi magalamu 50 a shuga, omwe ndi ofanana ndi makapu awiri a madzi a zipatso omwedwa pang'onopang'ono. Pakati pa 10 ndi 14 mungamasinthanitse.

Ena amaopa ORS poti muli shuga. Mantha amenewo ndi osafunika. Lita yonse ya ORS ya m'paketi ili ndi magalamu 13.5 okha a shuga, ndipo shugayo ndi amene amathandiza matumbo kuyamwa mchere ndi madzi. Wotsegula m'mimba amwe ndithu, ngakhale shuga ali wokwererapo. Paketi ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 odzaza koma osaunjika pamwamba a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Zakumwa za m'mabotolo zotsekemera kwambiri sizilowa m'malo mwa ORS, zilibe mchere wokwanira ndipo zimatha kukulitsa kutsegula m'mimba.

Kuyeza kamodzi m'mawa kwa masiku onse sikukwanira munthu akamadwala. Wa mtundu woyamba ayeze pa maola awiri mpaka anayi aliwonse, usiku womwe. Wa mtundu wachiwiri wobaya insulini kapena womwa gilibenikilamaidi ayeze pa maola anayi aliwonse. Lembani nthawi, nambala, zimene mwamwa ndi kuti mwakodza liti, chifukwa nambala imodzi siinena zambiri koma zitatu zotsatizana zimaonetsa kumene zinthu zikulowera. Shuga akapitirira 14, kapena mukamasanza pamene muli wa mtundu woyamba, yezaninso makitoni. Ndi timapepala toviika mu mkodzo, 2+ kapena kuposa apo ndi chenjezo. Ndi makina a magazi, pansi pa 0.6 palibe vuto, kuyambira 1.5 ngozi yayandikira, ndipo pamwamba pa 3.0 ndi zothamangira nazo kuchipatala.

Tiyerekeze mayi wina amene amamwa metifomini kawiri patsiku ndi enalapirilo m'mawa, ndipo usiku amabaya mayunitsi 20 a insulini yokhalitsa. Wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba m'bandakucha. Pofika 6 koloko m'mawa makina akuonetsa 13. Mapiritsi onse awiri sakumwa. Wasungunula ORS ndipo akumwa ndi supuni, pafupipafupi. Pa 10 koloko shuga wafika 16 ngakhale sanadye kanthu. Apa n'posavuta kuganiza kuti wakwera chifukwa cha ORS kapena chifukwa chosiya metifomini, n'kufuna kumwa piritsi mwamsanga. Ayi, ndi matendawo amene akumukweza, ndipo kukwera kotere kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kopepuka poyerekeza ndi impso zovulala. Mayiyo wayeza mkodzo, makitoni mulibe, choncho akupitiriza ORS ndi madzi wamba.

Pa 2 koloko masana shuga watsika kufika 11, kusanza kwaleka ndipo wakodza kawiri. Pa 6 koloko madzulo wapeza 7, koma chakudya sichikulowabe, ndiye wayamba kusinthanitsa ORS ndi madzi a zipatso. Nthawi yobaya ikakwana, funso ndi lakuti abaye zingati. Shuga ali 6.5, makitoni palibe, ndipo tsiku lonse sanadye. Pepala limene analemberana ndi adokotala ake likuti zikatere achotse gawo limodzi mwa magawo asanu, choncho wabaya mayunitsi 16 m'malo mwa 20, n'kupempha wina kuti amudzutse pakati pa usiku ayezenso. Akanapeza 15 nthawi yobayayo, akanabaya 20 yonse.

Nkhani ikanakhala ina ngati pa 2 koloko paja akanapeza 20, mkodzo n'kuonetsa 2+, ndipo supuni iliyonse ikubwerera. Pamenepo zapakhomo zatha, munthuyo akufunika madzi a diripi.

Anthu obaya insulini yofulumira nthawi zambiri amapatsidwanso lamulo la mayunitsi owonjezera makitoni akaoneka. Kawirikawiri limakhala gawo limodzi mwa magawo khumi a insulini yonse imene amabaya patsiku. Wobaya mayunitsi 40 onse pamodzi amawonjezera 4 a yofulumira, n'kuyezanso pakatha maola awiri. Mlingo umenewu ndi nthawi yobwereza zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo ndi zofunika kuzilemba ndi adokotala mudakali bwino, chifukwa munthu wosanza, mutu ukuwawa, sawerengera bwino masamu.

Shuga amathanso kugwa, makamaka kwa wotsegula m'mimba amene wabaya kapena wamwa gilibenikilamaidi osadya. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kusokonezeka, kapena makina akaonetsa pansi pa 4 mmol/L, omwe ndi pafupifupi 70 mg/dL, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, imwani, ndipo muyezenso pakatha mphindi 15. Wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kupita naye kuchipatala.

Musadikire kuti kuche ngati mwatha maola anayi chilichonse chikubwerera, ngati papita maola asanu ndi atatu osakodza, ngati makina alemba HI, kapena ngati shuga wakhala pamwamba pa 14 pamodzi ndi makitoni osatsika mutabaya zowonjezera. Kupuma mozama ndi mothamanga, kupweteka m'mimba, mpweya wa m'kamwa wonunkhira ngati zipatso zopsa kwambiri ndi tulo tovuta kudzutsa ndi zizindikiro zakuti asidi wachuluka kale. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene amakhala okha apite msanga kuposa apa. Kutentha thupi nakonso kuli ndi gwero lake, kaya m'chifuwa, m'chikhodzodzo kapena pachilonda cha kuphazi, ndipo shuga sakhazikika gwerolo lisanapezeke n'kuchizidwa. Popita tengani mankhwala anu onse ndi pepala la manambala lija.

Mapiritsi amene munaimitsa muyambirenso mukatha maola 24 mpaka 48 mukudya, kumwa ndi kukodza monga mwa masiku onse, pa mlingo wakale, osawirikiza kuti mubweze amene munadumpha. Ngati munachepetsa insulini, ibwezeretseni pa mlingo wake chakudya chikangoyamba kulowa. Masiku awiri akadutsa musanathe kuyambiranso, kapena mkodzo ukadali wochepa, kayezetseni impso musanamwenso metifomini ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi.