Momwe mungachotsere mizere yobwereza mukaphatikiza zithunzi za buku la zopereka

Amene mumasunga buku la gulu la maliro kuno ku Joni mukudziwa kuti tebulo lake silikwana pa chithunzi chimodzi, ndiye timajambula mbali mbali, ndipo kuti mzere usatsale chithunzi chachiwiri chimayambira pamizere yomwe yaoneka kale pa choyamba. Mwachitsanzo choyamba chathera pa mzere 25, chachiwiri chayambira pa 22. Mizere inayi yalowa kawiri, ngati aliyense anapereka R150 ndiye kuti pa kompyuta pali R600 yomwe mthumba mulibe.

Musanaphatikize mu Excel, kolamu A ilembedwe nambala ya chithunzi chomwe mzere wachokera. B dzina, C tsiku, D ndalama. Ngati mukupatsa anyamata apa intaneti kafe kuti akutaipireni auzeni zimenezi poyamba, ena amangothamangira ndalama nkukupatsani zonse zosakaniza.

Mu E2 ndi F2 lembani izi, mukokere mpaka pansi:

```
=LOWER(TRIM(B2))&"|"&C2&"|"&D2
=COUNTIF(E:E,E2)
```

Ikakana, sinthani chizindikiro cha koma mu COUNTIF muikepo ; chifukwa makompyuta ambiri akuno anawatchera choncho. Paliponse pomwe F yaonetsa 2 kapena kuposa pali chokayikitsa.

Tsono chonde musathamangire Remove Duplicates. Kwa ife inafufuta R150 ya mayi wina amene anaperekadi kawiri tsiku limodzi, ya mwezi uno ndi ya ngongole ya mwezi watha, anabwera kumsonkhano ndi malisiti awiri m'manja ali wokwiya ndipo sanalakwe. Apa mpomwe kolamu A imagwirira ntchito. Mizere iwiri yofanana ikakhala mu chithunzi chimodzimodzi, imeneyo ndi yeniyeni, m'bukumo inalembedwa kawiri, isiyeni. Yobwereza chifukwa cha kujambula imapezeka pamsoko pokha, kumapeto kwa chithunzi china ndi kumayambiriro kwa chotsatira, ndipo imabwera mondondozana, 22, 23, 24, 25 kenako 22, 23, 24, 25.

Ndiye mukaona pamsoko atatu akuonetsa 2 koma mmodzi pakati pawo akuonetsa 1, musakhulupirire. Ameneyonso ndi wobwereza, kungoti mbali ina anawerengedwa molakwa, Phiri kukhala Phirl kapena 150 kukhala 750 chifukwa 1 wolemba pamanja amafanana ndi 7. Fomula siingagwire zimenezo, tsegulani zithunzi zonse ziwiri muone ndi maso.

Posankha mzere woti musunge pa iwiri yobwerezayo, tengani mzere wa chithunzi chomwe uli chamkati, wam'mphepete nthawi zambiri umakhala wodulidwa kapena wosaoneka bwino. Ngati wina uli ndi tsiku winayo alibe, koperani kaye musanafufute.

Pomaliza SUM ya kolamu D ifanane ndi totalo ya msungichuma, muwerengenso mizere m'buku. Zikasiyana bwererani pamsoko uliwonse, mwina pena zithunzi sizinakumane nkomwe ndipo mzere unatsala, pamenepo jambulaninso.