Musanatumize ndalama ku shopu ya pa Facebook yomwe akuti ili ku Mzuzu

Abale anga muli ku Joni, ku Ireland, ku UK ndi kwina konseko, ine ndili konkuno ku Mzuzu ndipo ntchito yomwe mwandipatsa masiku ano ndi yokaona ngati shopu yomwe mwaipeza pa foni ilikodi. Nde ndati ndingolemba kamodzi zomwe ndimachita, poti ambiri mumandiimbira ndalama zitapita kale.

Nkhani yake ndi ya achemwali anga omwe ali ku Joni. Amafuna kufolera nyumba ya amayi ku Chibavi mvula isanayambe, ndipo Mzuzu mukuidziwa mvula yake siichita manyazi. Anapeza peji ina pa Facebook yogulitsa malata, akuti shopu yawo ili ku Luwinga, zithunzi zooneka bwino, malata a geji 28 ali mbwee, kubweretsa mpaka pakhomo ulele. Amafuna malata 30. Mwini peji anawauza pa WhatsApp kuti atumize theka kaye tsiku lomwelo chifukwa eti katundu watsala pang'ono ndipo mawa mtengo ukwera. Mwamwayi anandiimbira kaye, "achimwene, tandionereni anthu awa."

Choyamba sindinachoke ndi pampando pomwe. Peji iliyonse ya pa Facebook ili ndi malo olembedwa About, ndipo mkati mwake muli Page transparency. Pamenepo pamaonetsa tsiku lomwe pejiyo inatsegulidwa komanso ngati inasinthapo dzina. Iyi imalemba kuti akhala pa bizinesi zaka zambiri koma inali ndi miyezi iwiri yokha, ndipo dzina lake loyamba linali la zogulitsa mawigi. Munthu kusintha bizinesi si mlandu ayi, koma kuchoka pa mawigi kufika pa malata m'miyezi iwiri, apo ndinayamba kukanda mutu. Makomenti nawo ndinawerenga. Onse otamanda, "zikomo katundu wafika", koma ukadina maina a oyamikirawo umapeza alibe anzawo, chithunzi chimodzi basi, ndipo onse analemba sabata imodzimodzi. Shopu yeniyeni siilephera kukhala ndi kasitomala mmodzi wodandaula kuti galimoto inachedwa.

Kenako zithunzi. Mukasunga chithunzicho mu foni n'kuchiika pa Google Lens, imakuonetsani malo ena pomwe chithunzi chomwecho chilipo. Cha malata chija chinatuluka pa tsamba la kampani ya dziko lina. Nditachiyang'anitsitsa ndinaonanso kuti galimoto yomwe inali kumbuyo nambala yake si ya kuno.

Mtengo nawo umayankhula. Ndinaimbira mashopu awiri a hadiweya mtauni muno kufunsa lata la geji 28 la mafiti 12, ndipo mtengo wa pa peji uja unali wotsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Inu muli kunja nthawi zambiri mumakhala ndi mitengo yakale m'mutu, ya nthawi yomwe munachoka, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu zakhala zikungokwera. Akathyali amadziwa zimenezo, amaika mtengo womwe kwa inu ukumveka wabwinobwino pomwe kwa ife kuno ndi nthabwala. Ndipo ngakhale shopu ikhale yeniyeni, mtengo wotsika chonchi nthawi zina umatanthauza kuti akupatsani geji 30 kapena 32. Pa malata nambala ikamakwera lata limapyapyala, nde amayi kunyumba sangadziwe kusiyana mpaka mphepo itabwera.

Koma pomwe ndimakhalitsa ndi pa nambala yolandirira ndalama, chifukwa apa mpomwe ambiri mumapondedwa. Mukatumiza pa Mukuru kapena WorldRemit kupita pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, mwatumiza ngati mukutumizira m'bale wanu, si kugula komwe kuli ndi chitetezo ayi. Munthuyo akangokatapa kwa ejenti ndalama zija zapita, ndipo kuti zibwerere ndi nkhani yovuta kwambiri. Nde ine ndimatumiza kaye K500 pa nambala yomwe apereka, meseji yobwera imaonetsa dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa. Pa WhatsApp amayankhula bambo, pa peji pali dzina la shopu, koma meseji inabweretsa dzina la mayi wina. Nditafunsa akuti ndi akazi awo. Chabwino, zimatheka, mabizinesi ang'onoang'ono ambiri kuno amagwiritsadi nambala ya pakhomo. Ndinapempha akaunti ya ku banki ya dzina la shopu, akuti ili ndi vuto. Ndinapempha kotesheni yolembedwa yokhala ndi chidindo ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, akuti abwana atuluka ndi buku. Mawa lake anatumiza nambala ina ya dzina linanso. Ndipo musanyengeke akakutumizirani chithunzi cha chiphaso cha unzika kuti muwakhulupirire, chithunzi cha chiphaso chikhoza kukhala cha munthu wina amene anamubera kale, mwinanso sakudziwa n'komwe kuti dzina lake likuyenda.

Apa ndinawauza achemwali kuti apemphe kuimbirana pa vidiyo nthawi yomweyo, munthuyo aime mu shopu, aonetse malata, atuluke panja aonetse chikwangwani ndi msewu. Osalandira vidiyo yojambula kale, imeneyo aliyense akhoza kuitenga kwina. Yankho linali loti netiweki ikuvuta. Ku Luwinga, masana, netiweki yomweyo yomwe amatumizira mameseji mphindi iliyonse kufunsa ngati ndalama zatumizidwa!

Zonsezi mukhoza kuchita muli konko, koma palibe choposa phazi la munthu. Mzuzu ndi yaing'ono abale, kuchoka mtauni kufika ku Luwinga pa kabaza ndi kanthawi kochepa, ndipo ndalama ya kabaza ndi kachabe poyerekeza ndi ya malata 30. Ndinafunsa kuti shopu ili pati penipeni, anangoti pafupi ndi msewu waukulu. Ndinapitabe, ndinafunsa a kabaza a pa siteji, ndinafunsa amayi ogulitsa nthochi, ndinafunsa mashopu oyandikana, palibe anamvapo dzinalo. A kabaza akapanda kuidziwa shopu ya malata ndiye kuti kulibe, iwowa amadziwa ngakhale nyumba yomwe yagula wailesi dzulo. Nditaimba kuti ndafika ndili ndi ndalama m'manja, anati katundu ali ku nyumba yosungira katundu ndipo salola anthu kulowa, kenako foni inangozima.

Pali china choti musamale, nthawi zina shopu imakhalapodi koma peji si yawo, wina wangotenga dzina ndi zithunzi. Nde amene mwamutuma asangoona chikwangwani n'kubwerera, alowe, awaonetse nambala ija n'kufunsa ngati ndi yawo. Ndipo mukamva zoti katundu akuchokera ku Dar es Salaam wagwidwa pa Songwe onjezerani ya msonkho, funsani kuti poyamba paja anati ali mu shopu, wapita liti ku boda.

Achemwali ananditumizira ine ndalama zija, ndinakagula pa hadiweya ina mtauni, ndinaona geji, ndinawerenga malata ndekha akukweza, risiti ndinajambula n'kuwatumizira. Mtengo unali wokwererapo ndipo galimoto yopita ku Chibavi tinalipira tokha. Peji ija ndinaionanso patapita milungu itatu, inali itasinthanso dzina, pano akugulitsa masola.