Maola a usiku ankatuluka -15.5: mmene ndinakonzera

Ndinkawerengera maovataimu mu Excel pochotsa nthawi yolowera pa nthawi yowerukira. Zinkayenda bwino mpaka nditafika pa mlonda wina amene analowa 22:00 n'kuweruka 06:30 m'mawa. Kompyuta inandipatsa maola -15.5, ndipo ovataimu yake inatuluka ziro. Zinandiwawa, chifukatu munthuyo anachezera usiku wonse.

Gwero la vutoli ndi lakuti Excel imaona nthawi ngati gawo la tsiku limodzi. Kwa iyo, 06:30 ndi nambala yaing'ono kuposa 22:00, ndiye sidziwa kuti kwacha tsiku lina. Ndinasintha fomula kukhala iyi, pomwe B2 ndi nthawi yolowera, C2 yowerukira:

```
=MOD(C2-B2,1)*24
```

MOD imawonjezera tsiku lathunthu yankho likatsika pansi pa ziro, pamene 24 amasandutsa gawo la tsikulo kukhala maola. Selo ya yankho iyenera kukhala pa Number, apo ayi idzaonetsa 12:00. Apa panatuluka 8.5.

Mgwirizano wathu umati shifiti ndi maola 8, ndipo ola lililonse lopitirira limalipidwa kamodzi ndi theka. Choncho ovataimu yake inali theka la ola, yomwe ndalama yake ndi magawo atatu mwa anayi a malipiro a ola limodzi.

Fomulayi ili ndi malire ake. Munthu akagwira maola 24 ndendende imapereka 0, akagwira 26 imapereka 2. Pa shifiti zotere ndimalemba deti pamodzi ndi nthawi, kenako n'kugwiritsa ntchito `=(C2-B2)*24` basi.